Tsiku Lomwe Mayi Pruitt Anakuwa Kumtsinje

Mayi Lorna Pruitt anaphunzitsa sayansi pasekondale ya m'tauni yathu ino ya ku Wisconsin zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Chaka chilichonse mu Meyi, chisanu chikatha, ankatsika ndi ana kukamtsinje ka kuseri kwa bwalo la mpira kukasaka tizilombo ta m'madzi. Theka la anthu a muno, kuyambira wokonza magalimoto mpaka namwino wa kuchipatala, anavundulako miyala kumeneko. Muwafunse zomwe anaphunzira m'kalasi, amangokanda m'mutu. Muwafunse za kumtsinje, khofi amazizira akulongosolabe.

Chaka chatha mtsikana wina anaterereka pamwala n'kubinya mwendo, makolo ake n'kulemba kalata yaukali. Ndiye hedi watsopano, Bambo Okerlund, munthu wa ndevu zopesa bwino amene anabadwa Mayi Pruitt atayamba kale kudandaula za msana, anaitana mayiwo mu ofesi. Anawauza mwaulemu kuti Lachiwiri adzapita nawo kukaona yekha. Ana akakhala kuti samvera panja, ndiye kuti maphunziro a kumtsinje athera pomwepo.

Mayi Pruitt anali ndi njira yawo, ndipo kwa munthu wongodutsa inkaoneka ngati msika. Ankazika timbendera tofiira kumtunda ndi kumunsi, n'kunena kuti dziko lathera pamenepo. Polankhula ankaima moyang'ana dzuwa iwowo, kuti ana asatsinzine. Mawu awo sankapitirira mphindi zitatu, ndipo maukonde sankaperekedwa asanamalize, chifukwa mwana wa zaka khumi ndi zisanu ukamupatsa ndodo m'manja makutu ake amapita kutchuthi. Aliyense ankakhala ndi ntchito: wina kugwira ukonde kumunsi, wina kupalasa miyala ndi mapazi chakumtunda kwake kuti madzi akokolere tizilombo mu ukondemo, wina kusankha ndi supuni m'beseni loyera, wina kulemba. Ndipo wolongolola kuposa onse ankamupatsa udindo. Chaka chino anali Jace Delorme, mnyamata wa mawu ngati hutala ya lole. Mayi Pruitt akakweza dzanja, Jace ndiye ankaitana kuti onse acheuke. Iwowo pakamwa sankatsegula n'komwe.

Koma mantha ndi mlangizi woipa. Lachiwiri lija anavala bulauzi yopita nayo kutchalitchi, kumtsinje.

Atafika, anafoletsa ana makumi awiri ndi anayi mizere iwiri ngati asilikali, chinthu chimene sanachitepo. Hedi anali ataima pamthunzi ndi kabuku kake, ndipo iwo anakaima pafupi naye kuti amve bwino mawu aliwonse. Ana ndiye anatsala akuyang'ana dzuwa, maso tsinzi, manja pamphumi. Mayi anayamba malamulo a chitetezo. Lamulo loyamba, lachiwiri, lachisanu ndi chiwiri, kenaka kubwereza lachitatu chifukwa hedi anali atagwedezera mutu. Panapita mphindi khumi ndi ziwiri. Madzi akungoyenda apo, ana akuwaona, mapazi akuyabwa m'majombo. Wina anayamba kubaya mnzake ndi udzu m'khutu. Wina foni inali itatuluka kale m'thumba.

"Madamu," anatero Jace, "tikamaliza malamulowa tidzakhala ndi ndevu ngati za ahedi."

Ana anafa nacho chiseko. Tsiku lina lililonse Mayi Pruitt akanaseka nawo, n'kumuuza kuti ndevu zidikire kaye aphunzire kupukuta mphuno, n'kumuponyera ukonde. Koma anaona cholembera cha hedi chikuyenda pakabuku. Anamuuza Jace kuti akakhale pachipika cha m'mbali mwa mtsinje mpaka atamuitana.

Jace anawayang'ana ngati akudikira kuti aseke. Sanaseke. Anapita kukakhala, n'kukokera chipewa kumaso.

Ana atalowa m'madzi analowa ngati ana a ng'ombe otsekulidwa m'khola mochedwa. Phokoso lokha silinali vuto, mtsinje umenewu unamva zoposa apa. Magulu ena anagwiradi ntchito, ndipo Marisol Reyes, mtsikana wosalankhulalankhula, anali atawerama kale pabeseni ndi supuni yake. Koma Tanner Voss ndi anzake awiri anagwira ukonde kumtunda n'kumapalasa kumunsi, matope onse n'kumapita kwa anzawo, iwo osakola kanthu. Mwana wosakola kanthu sachedwa kupeza ntchito ina. Posakhalitsa maukonde anasanduka malupanga, ndipo mwana mmodzi anali atadutsa kale kambendera kofiira.

Mayi Pruitt anakweza dzanja.

Palibe anaona. Angaone bwanji, aliyense maso ali m'madzi? Anaima choncho dzanja m'mwamba ngati munthu woimitsa basi yodzaza. Anaponya diso kuchipika. Jace analiona dzanjalo, koma munthu anauzidwa kuti akhale, ndiye anakhala. Kunali kungonena kuti Jace, itana anzako, basi. Koma kumudzutsa hedi akuona kukanakhala kuvomera kuti kalasi yawo imayendera mnyamata yemwe angomulanga kumene. Anatsitsa dzanja, n'kukuwa.

Mawu anatuluka opyapyala, osweka, osakhala awo. Ana angapo anacheuka, wina n'kuwayeseza chapansipansi. Apo mutu unawatentha, n'kunena chinthu chimene iwo omwe ankaletsa aphunzitsi ongoyamba kumene, kuti usamaopseze ndi chilango chimene sukufuna kuchipereka.

"Wina akangowaza madzi kamodzi kokha, tonse tibwerera m'kalasi. Ndanena."

Kunakhala bata mwina mphindi imodzi. Kenaka mnzake wa Tanner anamugwetsera kankhanu m'jombo, Tanner n'kudumpha akutukwana, n'kumenya madzi ndi ukonde kuti amubwezere. Madziwo anamuphonya mnzakeyo n'kukathera pathalauza la Bambo Okerlund, kuyambira m'mawondo kutsika.

Zii. Nkhope makumi awiri ndi zinayi zinatembenukira kwa Mayi Pruitt, ndipo aka kanali koyamba tsikulo kuti onse awayang'ane pamodzi.

Ankadziwa bwino pomwe aima. Akameza mawu awo, ana sadzawakhulupiriranso mpaka sukulu kutsekera, ndipo hedi alemba kuti mayiyu amangoopseza. Akawasunga, phunziro litha kutatsala mphindi makumi awiri, ndipo hedi alemba kuti panja zakanika. Anafunafuna njira yachitatu m'mutu, osaipeza.

"Tulukani m'madzi. Khuthulani mabeseni."

Ana anayamba kuchonderera. Wina anati si chilungamo kuti onse afere Tanner, wina anamuuza Tanner kuti ubongo wake unatsalira m'jombo limodzi ndi nkhanuyo, Tanner naye n'kumalumbira kuti dzanja linangoterereka. Mayi Pruitt anangowawerenga mmodzimmodzi akukwera kumtunda, chifukwa ngakhale mtima usweke ana amawerengedwa. Anakwana makumi awiri ndi atatu. Wotsalayo anali Marisol, akadali chogwada pabeseni.

"Madamu, tangobwerani muone kamodzi. Aka kali ndi michira iwiri. Tinzake tonse tili ndi itatu."

Mayi anawerama. M'beseni loyeralo munali kachilombo kakuda, kaphwatalala, kakukwawa pang'onopang'ono, michira iwiri, zikhadabo ziwiri kumwendo uliwonse. Mtundu umenewu umangokhala m'madzi ozizira ndi oyera, ukangomva kauve pang'ono umatha. M'kamtsinje aka Mayi anali atatha zaka khumi ndi chimodzi osakaona. Linali tsiku loti aitane kalasi yonse izungulire beseni, kagalasi kokulitsira zinthu kayende dzanja ndi dzanja, afunse kuti kodi kumtunda kwasintha chiyani. Ndi masiku otere amene anthu amawakumbuka atakalamba. Koma ana anali kale pamzere kumtunda, nkhope zili ndwii, hedi akufinya thalauza.

"Kabwezere m'madzi, mwanangu. Pang'onopang'ono, pafupi ndi mwala."

Marisol anafunsa ngati sangawaonetseko anzake kaye. Mayi anapukusa mutu. Mtsikanayo anapendeketsa beseni, kachilombo n'kulowa pansi pamwala.

Pobwerera Bambo Okerlund anayenda pambali pawo, nsapato zikulira chwa chwa, ndipo anawayamikira. Anati wasangalala kuona mphunzitsi wosunga mawu ake, kuti aphunzitsi ambiri akanalekerera. Anati vuto si iwo ayi, vuto ndi malo, ana a masiku ano panja sagwirika, ndipo iye waona ndi maso ake kuti ngakhale mphunzitsi wodziwa ntchito chonchi walephera kumaliza phunziro. Anawalonjeza kuti sukulu igula tizilombo touma ta m'magalasi kuti ana aziona ali pamipando. Ankanena ndi mtima wabwino ndithu, ndiye kunali kuwawa kwake. Mayi Pruitt anayesa kufotokoza kuti zomwe waonazo si mmene amachitira, kuti awapatse Lachinayi lokha aone. Hedi anamwetulira n'kunena kuti aphunzitsi onse amatero, ndipo nkhaniyo wailemba kale.

Ana ataweruka, Mayi Pruitt anali kuseri kwa chipinda cha sayansi akutsuka majombo ndi paipi, bulauzi ya kutchalitchi ili matope okhaokha. Anamva munthu akukoka mapazi. Anali Jace, chikwama paphewa limodzi. Sanapereke moni. Anangotola ukonde n'kuyamba kuchotsa masamba, ndipo anayeretsa maukonde atatu asanalankhule, zomwe kwa Jace ndi ngati kusala kudya.

"Akuti sitidzapitakonso. Akuti ngakhale a chaka chamawa."

"Ndi zoona."

"Mlongo wanga akubwera chaka chamawa. Ndinamuuza kale za kumtsinje." Anathothola tsamba lina mu ukonde. "Dzanja lanu ndinaliona, Madamu. Ndinangofuna muone mmene zimakhalira popanda ine."

Mayi Pruitt anatseka madzi. Anamuuza kuti wolakwa si iye, kuti amene anamukhazika pachipika ndi iwo, amene anakuwa ndi iwo, amene anaopseza ndi iwo, ndipo zonsezo anachita chifukwa choopa kabuku. Ananena momveka, kawiri konse. Jace anangogwedeza mutu monga amachitira ana akaganiza kuti wamkulu akungowatonthoza. Anaimika maukonde pakhoma kuti aume, motsatana bwino, zogwirira pansi. Kenaka anati basi imusiya, n'kumapita, akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu amene basi yamusiya kale.