Wotchi ya a Alick Itayamba Kuthamanga

Felesiya ankagulitsa nsapato za kaunjika pamsika wa Mitundu, ndipo amuna ake, a Alick, ankabwereketsa zoimbira m'maukwati. Anali ndi masipika awiri akuluakulu, amene ankagona nawo kuchipinda poopa akuba. Felesiya akafuna kusesa ankachita kudutsa chammbali ngati mlendo m'nyumba yakeyake.

Wotchi inabwera ndi George, mlongo wake wa Felesiya, pochokera ku Joni kumene ankagwira ntchito m'sitolo yokonza mawotchi. Anawapatsa alamu akewo ngati mphatso. Inali yosalira batire, yochita kupukusa m'mawa, ndipo ukaiika kukhutu inkamveka kugunda. A Alick anasintha kayendedwe kuyambira tsiku lomwelo. Malaya ankapinda dzanja limodzi lokha. Munthu akawafunsa njira ya ku Malingunde, ankaloza ndi mkono wa wotchiwo ngakhale njirayo ili mbali inayo.

"Mafoni anuwa ndi zidole," ankatero pamsika. "Akatha moto, nthawi yathanso. Iyi ndi ya anthu olongosoka."

Kwa miyezi ingapo wotchiyo inayenda bwino. Kenaka sabata ina inangoyamba kuthamanga. Felesiya ndiye anayamba kuzindikira. Madzulo ena a Alick anatsegula wailesi kuti amvere nkhani, koma munali nyimbo. Anayang'ana pamkono, anayang'ana wailesi, n'kupukusa mutu.

"Anthu a pawailesiwa ayamba ulesi. Nkhani akuchedwa nazo."

"Dziko lonse lachedwa, mwatsala inu nokha bambo a Thoko?" anafunsa Felesiya.

A Alick anangotseka wailesiyo. Koma m'mawa mwake Felesiya anawaona kuseri kwa nyumba, foni kudzanja lina, akubweza mivi ya wotchi mobisa ngati akuba nkhuku. Mawa lakenso chimodzimodzi. Felesiya anangopitiriza ntchito zake. Anali atakhala nawo kokwanira kudziwa kuti a Alick ukawaonetsa dzenje, amagweramo dala kuti asaoneke ngati amvera mkazi.

Loweruka kunali ukwati ku Malingunde. Ponyamula katundu, a Alick anavula wotchi kuti isakalike, n'kuilowetsa kuseri kwa sipika, pamene panali potseguka, monga ankachitira usiku uliwonse chichotsereni thabwa lakumbuyoko kuti akonze waya. Atafika anaivalanso. Felesiya anapita nawo chifukwa mkwatibwi anali mwana wa mnzake wa kumsika.

Akomiti anali atagwirizana ndi eni holo nthawi yotsekera, ndipo anauza a Alick kuti ikakwana athimitse zoimbira. Perekaniperekani ali pakati, abale a mkwati ochokera ku Diamphwe atangoima pamzere kuti alowe movina, a Alick anakweza mkono m'mwamba kuti onse aone, n'kudula nyimbo.

"Nthawi yatha! Amene mwachedwa, mudziimbe mlandu nokha. Ena tinaphunzira kusunga nthawi."

Nthawi yomweyo mafoni anayamba kutuluka m'matumba. Mayi wina wa ku Diamphwe, wamkulu thupi, anayenda mpaka kutsogolo n'kuwaika foni pamphuno.

"Bambo, dzuwa lili apo. Inu nthawi yanuyi mwaitenga kuti? Kapena kwanu kumada msanga?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira mipando. A Alick anayatsanso nyimbo, koma palibe amene anaiwala. Felesiya anatuluka panja ndi manyazi.

Kunyumba mlandu wonse unagwera George.

"Mlongo wako wandichititsa manyazi dala," anatero a Alick. "Wandipatsa chinthu chabodza, chotola pa mulu wa zinyalala ku Joni. Kwanu nonse ndinu otero. Kunja kuwala, m'kati zowola. Ngakhale amayi ako, kumwetulira konse kuja."

Anatenga foni n'kuwaimbira apongozi awo omwewo, kuwauza kuti analera wakuba. Felesiya anamva mawu a mayi ake pafonipo, ndipo anangoti, "Lolemba tipitire limodzi ku Nathenje. Mukamuuze George pamaso."

"Ndipita! Ndikamuponyera kumaso."

Anakwera njinga zamoto, kudzera msewu wafumbi. George anali ndi kashopu pafupi ndi msika wa Nathenje, kokonzera mafoni ndi mawotchi. Sanali munthu wofatsa, ndipo zimene alamu ake anauza amayi zinali zitamufika. Pabenchi panali anthu odikira mafoni awo. A Alick ataona kuti pali omvera, anayamba ulaliki. Anafotokoza za ulemu wawo, za ukwati wa ku Malingunde, za anthu opita ku Joni n'kubwerako ndi bodza lokhalokha. Pomaliza anaiponya wotchiyo patebulo.

George anaitola, n'kuiika kukhutu.

"Mwamaliza, alamu? Inayamba pang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi?"

"Mwadzidzidzi," anayankha Felesiya, amuna ake asanatsegule pakamwa. "Sabata yathayi. Amaibweza m'mawa, pofika madzulo yathawanso."

"Inagwa?"

"Ayi."

George anatsegula kabati n'kutulutsa kampasi, kachipangizo kokhala ndi muvi woloza kumpoto. Anaiika patebulo, muviwo unakhazikika. Atabweretsa wotchi pafupi, muvi unatembenuka n'kuyamba kuitsatira. Akaizunguza, nawonso unkagwedezeka uku ndi uku.

"Yagwira maginito," anatero. "Mumaiika pati mukavula?"

"Pamalo abwino," anatero a Alick.

"Kuseri kwa sipika," anatero Felesiya. "M'kati mwenimweni, pa chitsulo chozungulira chija. Amati akuba sangaipeze."

George anaseka osabisa. "Chitsulo chimenecho ndiye maginito a sipika, alamu. Zaka zonsezi mukudya za masipika, simunaonepo msomali ukukakamira pamenepo?"

"Zimenezo n'zonamizira. Maginito angathamangitse bwanji nthawi?"

George anatsegula kumbuyo kwa wotchi, n'kuwapatsa galasi lokuzira zinthu. A Alick anakana kulilandira, choncho Felesiya ndiye anasuzumira. Anaona kawilo kakang'ono kakupita uku n'kubwerera, ndipo pakati pake panali kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi, kozungulirazungulira. Mbali imodzi mizere yake inali itamatirana.

"Kasipuling'i kameneko ndiye kamalamula liwiro," anatero George. "Kamayenera kufutukuka ndi kubwerera momasuka, mizere yake osakhudzana. Kakagwira maginito, mizere imamatirana, kamakhala ngati kafupika, ndiye kawiloko kamabwerera msanga. Wotchi imathamanga. Si sipika yokha. Chotsekera chikwama chija chongomata chokha, chikuto cha foni chokhala ndi maginito, ngakhale chitseko cha furiji, zonsezo zimatha kuchita zomwezi."

"Ndiye ingokankha kachitsulo kochepetsera liwiroko, tizipita," anatero a Alick, pofuna kuonetsa kuti nawonso akudziwako.

"Ndikakankha, maginito akhalabe momwemo, ndipo tsiku limene adzachoke izidzachedwa. Inu za mawaya anu zomwezo, alamu."

Anatseka wotchi, n'kutenga kabokosi kabuluu kokhala ndi batani limodzi, n'kukalumikiza kumagetsi. Anaigoneka wotchi pamwamba pake, anadina batani osalisiya, ndipo anayamba kuikweza pang'onopang'ono, kuitalikitsa mpaka mkono wake utatambasuka. Apo m'pamene anasiya batani.

"Kabokosika kamatulutsa maginito otembenukatembenuka," anauza mlongo wake, osayang'ananso alamu akewo. "Ukamaitalikitsa mphamvu imanka ichepa mpaka m'chitsulo simutsala kanthu. Ukasiya batani wotchi ikadali pafupi, ukhoza kuiwonjezera maginito ena."

Anaitembenuza n'kubwerezanso. Kenaka anaibweretsa pa kampasi ija. Muvi unangonjenjemera pang'ono n'kukhala pomwepo. Anthu a pabenchi anadzuka kudzaona. George anatchera nthawi poyang'ana foni, n'kuikankhira wotchiyo kwa mwini wake.

"Basi?" anafunsa a Alick. "Osachotsamo kanthu?"

"Munalibe chowonongeka. Chowonongeka chili kwina."

A Alick anavala wotchi, anati awona ngati si matsenga a ku Joni, n'kutuluka osatsanzika. Kwa apongozi, komwe kunali pafupi, sanapiteko. Anati ali ndi ntchito ku Mitundu.

Madzulo a tsikulo nkhani za pawailesi zinayamba muvi uli pamalo pake. Mawa lake chimodzimodzi. Felesiya anadikira kuti amve mawu opepesa, koma chimene anaona n'chakuti a Alick akhoma msomali pakhoma la pabalaza, kutali ndi masipika, n'kuyamba kupachikapo wotchi.

Tsiku la msika, Felesiya akuyala nsapato, anamva mawu odziwika bwino kuseri kwa ogulitsa matumba. A Alick anali atazunguliridwa ndi anyamata a kabaza, mkono uli m'mwamba.

"Ine nditangoiona ndinadziwa kuti ndi maginito. Muli kasipuling'i m'katimu, kopyapyala ngati tsitsi. Mlamu wanga uja anafuna kuyamba kukankha zitsulo, ndinachita kumuletsa. Ndinati tenga kabokosi kabuluu ako, mwana iwe."

Felesiya anasiya nsapato imene inali m'manja, n'kupita kukaima kumbuyo kwawo.

"Bambo a Thoko, mukamaliza kuphunzitsa anthuwa, amayi akudikirabe ku Nathenje. Munawatchula mayi wa wakuba pafoni, wotchi ili m'sipika mwanu."

Anyamata a kabaza anayang'anana. Wina analiza hutala ya njinga yake, ena n'kuphulika kuseka. A Alick anatsitsa mkono, anati akazi samvetsa za makina, n'kulowera kogulitsa nyama.

Lamulungu anapitadi ku Nathenje, atanyamula paketi ya shuga ndi buledi, Felesiya ali pambuyo. Anakhala pampando pakhonde, apongozi ali pamphasa chapatali. Anakamba za mvula, za mtengo wa feteleza, za fodya wa chaka chino amene sanakhwime bwino. Za wotchi sanatchule, za foni ija sanatchule. George anadutsa, anapereka moni kwa mlongo wake yekha. Dzuwa litapendeka a Alick anadzuka, anati njira ndi yaitali, n'kutsogola kumsewu.

Felesiya anatsalira kuti atsanzike. Amayi ake anatola paketi ya shuga ija, anaitembenuza, n'kumupatsa.

"Tenga ukamwetse ana. Ine shuga anandiletsa kuchipatala, ndipo amuna akowo akudziwa."