Mabokosi Atatu a pa Funso Lachiwiri

Ndatayipa mapepala m'dipatimenti ya zilankhulo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo chinthu choyamba chimene ndinaphunzira pa ntchitoyi n'chakuti bokosi silisiyidwa lopanda kanthu. Fomu ikapita ku ofesi yaikulu ili ndi mpata, imabwerera tsiku lomwelo, ndipo wokalipiridwa ndimakhala ine.

Sabata ya mayeso, Mayi Choko anandipatsa pepala la ophunzira a chaka chachiwiri. Dzinali tinawapatsa chifukwa siketi yawo imakhala yoyera ndi fumbi la pabolodi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Amaphunzitsa za kamvekedwe ka mawu. Ndinatayipa, iwo anawerenga, n'kusayina, n'kuthamangira ku msonkhano. Ndili pafupi kusindikiza makope makumi asanu ndi atatu, maso anga anagwera pa tebulo la funso lachiwiri. Mabokosi onse anali ndi chizindikiro, ena kamtanda kotanthauza eya, ena kamzere kotanthauza ayi, koma atatu anali mbee.

Ndinayang'ana pepala lawo lolemba pamanja. Namonso munalibe. Ndinati mayiwa atopa, aiwala. Ndinawaimbira foni kawiri, inali yozima.

Mabokosi awiri anali a m ndi n, pansi pa mutu wonena za kunjenjemera kwa kholingo. Pa b panali kamtanda, pa p kamzere. Zimenezi ndazitayipa kambirimbiri, ndipo ndawaonapo ophunzira pakhonde atagwira pakhosi ngati atsamwa. Nanenso ndinagwira pakhosi n'kunena kuti mmm. Panjenjemera. Nnn, panjenjemeranso. Ndinaika timitanda tiwiri.

Lachitatu linali la vawelo ya kachidutswa ka -ir- kamene kali m'mawu ngati phikira, pansi pa mutu wakuti lilime lili m'mwamba. M'mzere wa pamwamba pake i anali ndi kamtanda. Phikira muli i. Ndinaika kamtanda, ndinasindikiza, ndinamata envelopu. Kunena zoona ndinapita kunyumba ndikudzitama mumtima.

M'mawa mwake, mayeso atangoyamba, bambo amene ankayang'anira holo analowa mu ofesi mwanga akupuma mofulumira. Iwo amaphunzitsa mbiri yakale, za mavawelo sadziwa chilichonse.

"Mayi, Mayi Choko ali kuti? Ana akweza manja holo yonse. Akuti funso likuti afotokoze chifukwa chake mabokosi atatu asiyidwa opanda kanthu. Ndayang'ana, ndavula magalasi, ndavalanso. Palibe bokosi lopanda kanthu."

Mawu a funsolo ndinawatayipa ndine, koma potayipa zala zimayenda zokha, mutu uli kwina.

Mayi Choko anabwera, anatenga pepala, analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana ine.

"Mwadzaza ndinu?"

"Ndimaganiza kuti munaiwala, mayi."

Anati nditenge choko ndiwatsatire. M'holo anajambula tebulo lonse pabolodi, n'kuuza ophunzira kuti afute timitanda titatu ija. Pamenepo m'pamene zinasokonekera zenizeni. Mtsikana wina anafunsa ngati kufuta kukutanthauza kuika kamzere. Mayi Choko anati ayi, kamzere ndi yankho, akufuna pasakhale yankho. Wina kumbuyo anali atafuta kale mabokosi ena atatu amene anawasankha yekha, ndipo anali atalemba tsamba lathunthu kuwaikira kumbuyo. Oyang'anira aja anafunsa ngati nawonso afute pa kope lawo. Mayi Choko anawonjezera mphindi makumi awiri, ife n'kutuluka.

Mu ofesi mwawo ndinaima pafupi ndi chitseko, ndikudikira kukalipiridwa. Anachotsa mulu wa mabuku pampando n'kunena kuti ndikhale.

"Choyamba ndiuzeni, timitanda ta m ndi n munatidziwa bwanji?"

"Ndinagwira pakhosi."

"Ndiye munalondola."

"Ngati ndinalondola, cholakwa n'chiyani?"

"Nenani kuti kupala. Tsopano kubala. Mawu awiri osiyana, eti? Pakati pa p ndi b, kunjenjemera kwa kholingo kumathandiza kusiyanitsa mawu, ndiye tiyenera kulemba. Tsopano ndipezereni mawu awiri m'chilankhulo chathu amene asiyana chifukwa wina ali ndi m wonjenjemera, wina m wosanjenjemera."

Ndinayesa kutulutsa m wosanjenjemera. Munangotuluka mpweya m'mphuno ngati ng'ombe.

"Mwaona? Kwathu kuno m aliyense ndi wonjenjemera. Mukangodziwa kuti mawuwo akutulukira m'mphuno, zinazo mwadziwa kale. Tebulo lija likuonetsa zimene munthu ayenera kusunga m'mutu. Zimene lamulo lingathe kudzaza lokha sitizilemba."

"Ndiye kuti yankho lilipo, koma simulifuna."

"Lilipo potchula. Posunga palibe."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Ndinafunsa za bokosi lachitatu, ndikuyembekeza kuti nalonso ndinalondola.

"Limenelo ndiye munaphonya. Mwana wanu mumamuchitira chiyani ndi chakudya?"

"Ndimamuphikira."

"Kalata?"

"Ndimamulembera."

"Nsapato?"

"Ndimamugulira."

"Malaya akang'ambika?"

"Ndimamusokera."

"Phikira, gulira, koma lembera, sokera. Kachidutswa n'kamodzi, ntchito yake ndi imodzi, kuchitira wina. Nanga vawelo yake ndi i kapena e?"

"Zonse ziwiri."

"Kapena si iliyonse mwa ziwirizo. Timati vaweloyo payokha sinena ngati lilime likwere kapena litsike pang'ono. Ikatsatira e kapena o, imatengera kwa iwo n'kukhala e. Ikapanda kupatsidwa kanthu, lamulo limaidzaza n'kukhala i. Inu mutaika kamtanda munaiuza kuti ikhale i nthawi zonse. Ndiye kuti tizinena kuti lembira."

Ndinaseka mosafuna, chifukwa mdzukulu wanga wa zaka zitatu amalankhula choncho. Koma mutu unali utayamba kuwawa.

"Mayi, ndiye mabokosi awiri ali opanda kanthu chifukwa yankho likudziwika kale, lachitatu chifukwa yankho silinadziwike. Koma onse amaoneka chimodzimodzi. Ine wotayipa ndingadziwe bwanji kuti ili lasiyidwa dala, ili mwaiwala?"

"Simungadziwe," anatero. "Ndikanayenera kulemba m'mphepete. Ndipo musaganize kuti akatswiri onse amagwirizana za mabokosi oyenera kusiya. Ena amasiya ambiri kuposa ine, ena safuna kusiya n'limodzi lomwe."

Ndinanyamuka kuti ndizipita, koma pakamwa panga panali pakuyesabe mawu. Mangira, phikira, gonera. Ndili pachitseko ndinatembenuka.

"Nanga kudya? Timati dyera. M'mawu oti kudya mulibe e, mulibe o. Bwanji sitinena kuti dyira?"

Mayi Choko anaika cholembera pansi.

"Kugwa, gwera," ndinapitiriza. "Kumwa, mwera. E ameneyo akuchokera kuti?"

"Aneni afupiafupi amenewo amatenga e," anatero pang'onopang'ono. "Mafotokozedwe alipo, koma palibe amene amandikhutiritsa. Zimenezo ndimaphunzitsa chaka chachinayi, ndipo ndimatuluka thukuta."

Masana a mkulu wa dipatimenti anatiitana tonse awiri kuti tilembe lipoti la zimene zinachitika m'holo. Mayi Choko anafotokoza za m, za phikira ndi lembera, mpaka anawagwiritsa pakhosi. A mkulu, amene ntchito yawo ndi ya ndakatulo, anamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lili pakholingo.

"Ndiye mwachidule," anatero, "mayi otayipawa analakwitsa kapena analondola?"

"Awiri analondola koma sanayenera kulemba. Limodzi analakwitsa."

A mkulu anatiyang'ana mosinthanasinthana. Kenako anati lipotilo lingonena kuti pepala linali ndi vuto la kasindikizidwe, ndipo anandipempha kuti ndikalitayipe isanakwane folo koloko.