Timphira tomwe tinaponyedwa mubini

Bambo wina wamkaladi analowa mushopu akulalata, nkuponya timayiyafoni take ndi bokosi lake pakauntala ngati wapeza mphemvu mutiyi.

"Zachinyengo izi! Besi mulibe, mawu ake ngati udzudzu. Bwana wanu ali kuti?"

Mayi wogulitsa, yemwe anali atatopa kale ndi akatswiri a nyimbo amtunduwu, anayang'ana khutu la bamboyo, lotakasuka ngati khomo la galaja, kenako kamphira kakang'ono kovekedwa kumlomo kwa kayiyafoniko.

"Achimwene, mubokosi munali timphira tina, tapakati ndi tatikulu. Tili kuti?"

"Zinyalalazo? Ndinataya. Ndaimbapo m'bandi ine, musandiphunzitse."

Mayiyo anatsonya chamumtima. Anatsegula dirowa, natengamo timphira tatikulu, nachotsa tating'ono tija patimayiyafonito nkuvekapo tatikuluto.

"Kakachepa sikatseka khutu, mpweya umadutsa m'mbali, besi nkuthawira momwemo. Kokerani khutu m'mwamba pang'ono, mulowetse, mupotoze. Mukamva phokoso la mumsewu lazilala, ndiye kuti katseka."

Bamboyo anachita monyinyirika, khutu ili kenako linalo, nkuyatsa nyimbo. Mayiyo anaona nsidze zikukwera, phazi likuyamba kugunda pansi lokha, mwini wake osafuna.

"Hm. Zasinthako pang'ono," anatero mokuwa, poti sankadzimvanso bwino. "Komabe kampaniyi ikanalemba penapake."

Mayiyo anatola bokosi lija, nalitembenuza, nkuloza chithunzi cha timphira titatu chomwe chinadzaza mbali yonse. Anadikira kuti bamboyo avule kayiyafoni kamodzi, kuti amve bwinobwino.

"Makutu takonza, achimwene. Za maso, shopu yake ndi yachitatu kumanzere."