Abambo ndi Amayi Omulera

Pakampani ina yosindikiza aliyense ankawatcha a Mpatuliro, chifukwa ankatha kuimitsa makina onse kamba ka kachizindikiro kamodzi kosowa. Ntchito yawo inali yowerenga zolemba za anthu zisanasindikizidwe. Ankakhala pakona, pakati pa makina odulira mapepala ndi zenera losatseguka, cholembera chofiira chili kukhutu. Kunena zoona, anali munthu wotopetsa. Munthu ungobwera kudzasindikiza chikwangwani cha sitolo yako, iwo n'kukupanikiza ndi mafunso ngati kupolisi.

Tsiku lina wogulitsa katundu wa m'nyumba analemba kuti, "Tikugulitsa mabedi ndi matebulo akale." A Mpatuliro anamuimbira foni.

"Akalewo ndi matebulo okha, kapena ndi mabedi omwe?"

"Zonse, achimwene. Zimenezi n'zofunsa?"

"N'zofunsa. Mukanati mipando ndi matebulo akale, sindikanakuvutitsani, pakuti mipando imakhala yakale, osati akale. Koma mabedi ndi matebulo onse amayankha ku mawu amodzi omwewo."

Akatero ankamaliza ndi mwambi wawo wa tsiku ndi tsiku, wakuti safunsa anadya phula.

Ndiye kunabwera ntchito ya mwana wawo.

A Mpatuliro anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Mayi ake anamwalira iye akuyamwa, ndipo achibale anagwirizana kuti khandalo likaleredwe ndi mng'ono wake wa malemuyo pamodzi ndi mwamuna wake, dalaivala wa basi. Panalibe mkangano. Mwamuna wokhala yekha m'chipinda chimodzi akanalera bwanji khanda? A Mpatuliro ankapita kukamuona masiku opuma, atanyamula mabuku a zithunzi. Mwanayo anakula akuwatcha ababa, komanso dalaivala uja ankamutcha ababa. Malungo akamugwira, amene ankamubereka kumsana kupita naye kuchipatala anali dalaivalayo. A Mpatuliro ankamva nkhaniyo mwana atachira kale.

Tsopano mwanayo anali namwino, ndipo ankakwatiwa. Ndondomeko ya mwambo waukwati anaitumiza kukampani ya bambo ake kuti aisindikize. A Mpatuliro anawerenga mzere ndi mzere, nakonza apa ndi apo, mpaka anafika pa mawu awa: "Mkwatibwi adzalowa ndi abambo ndi amayi omulera."

Cholembera chinaima m'malere.

Za amayiwo panalibe chokayikitsa, mawu akuti omulera anali atatsamira pa iwo. Nanga abambowo? Ngati omulera akufika mpaka kwa abambo, ndiye kuti wolowa ndi mkwatibwi ndi dalaivala. Koma ngati akuthera pa amayi okha, pofuna kuwasiyanitsa ndi mayi womubereka amene ali kumanda, ndiye kuti abambowo ndi abambo basi. Ndi iwowo.

Anaitana woyendetsa makina, mnzawo wakalekale wa zala zakuda ndi inki.

"Tawerenga apa. Ukumva kuti chiyani?"

"Ndikumva kuti kuli ukwati, ndipo sunandiitane."

"Usaseke. Taona, akanalemba kuti bambo ndi mayi womulera, womulerayo akanakhala mmodzi, mayiyo. Akanati bambo ndi mayi omulera, akanakhala onse awiri. Koma wawalemekeza, wati abambo, amayi. Munthu mmodzi ukamulemekeza amamveka ngati ambiri. Ndiye omulera angakhale amayi okha, angakhalenso onse."

"Ndiye ulemu ndi umene wakusokoneza? Muimbire foni. Si iwe umati safunsa anadya phula?"

A Mpatuliro sanaimbe. Munthu amene anavutitsa tauni yonse ndi mafunso analephera kufunsa mwana wake funso limodzi. Ntchitoyo anaiika pansi pa ntchito zina. Abwana akafunsa, ankati akuionabe. Ankalakalaka kuyenda kamtunda kakafupi ka tsiku la ukwati, kuchoka pakhomo kufika kutsogolo, dzanja la mwana wawo lili pamkono pawo. Ndipo chiganizocho, malinga chikhale chosakonza, sichinkawakaniza.

Anayamba kuchita zinthu zochititsa manyazi. Jekete yawo yakuda anaipititsa kwa telala kuti aibweze m'chiuno. Anagula nsapato, n'kuzibisa m'bokosi pansi pa tebulo la kuntchito. Pa nthawi ya nkhomaliro, anzawo akatuluka, ankazivala n'kumayenda pang'onopang'ono pakati pa milu ya mapepala, mkono atapinda.

Masana ena mwanayo anatulukira atavala yunifolomu yake, thukuta lili kamukamu.

"Ababa, mapepala anga aja bwanji? Masiku atha."

"Khala pansi, mayi. Pali mzere umodzi wandiimitsa."

Anamukokera mpando, namulozera ndi cholembera. Anafotokoza monga ankafotokozera kasitomala aliyense, maso ali papepala.

Mwanayo anaseka. "Inunso ababa! Si zomveka izi? Ndikunena ondilera onse awiri, amayi ndi ababa akunyumba. Aliyense akudziwa kuti..."

Sanamalize. Phazi lake linali litagunda bokosi pansi pa tebulo, chivundikiro n'kutsetsereka. Anayang'ana nsapato zonyezimirazo, kenako nkhope ya bambo ake. Anagwira pakamwa.

"Ababa, ine sindinaganize..."

"Palibe cholakwa. Chiganizo ndi chimene chinali ndi makomo awiri. Titseke limodzi."

"Mwina tikhoza kusintha. Ndikhoza kukawauza ababa akunyumba kuti..."

"Kuti chiyani? Munthu anakubereka kumsana kupita nawe kuchipatala, lero umuuze kuti akhale pabenchi? Ayi, mwanawe. Wanena zoona, ndipo zoona sitikonza."

Anadula mzere uja ndi inki yofiira, nalemba pamwamba pake mwaukhondo: "Mkwatibwi adzalowa ndi omulera ake awiri, abambo ndi amayi."

Mwanayo anapukuta m'maso. "Nanga akanakhala inuyo, mukanalemba bwanji?"

"N'zosavuta. Kungotembenuza." Anatenga kapepala kotayidwa nalemba kuti, "Mkwatibwi adzalowa ndi amayi omulera ndi abambo ake omubereka." Anakayang'ana kanthawi ndithu, kenako anakakwinya n'kukaponya m'dengu la zinyalala.

Makina analira madzulo omwewo. Woyendetsa makina sanatchule za phula, ngakhale kuti mnzakeyo anali atafunsa n'kulidyabe.

Pa tsiku la ukwati a Mpatuliro anakhala pa mzere wachiwiri, kumphepete, nsapato zatsopano zikuwaluma zala. Anthu onse anali ndi mapepala osindikizidwa bwino, opanda cholakwika ngakhale chimodzi. Nyimbo itayamba, onse anaimirira n'kucheukira kukhomo. Mwana uja analowa pakati pa omulera ake, dalaivala akulira poyera ngati mwana. Atafika pa mzere wachiwiri, mkwatibwi anachepetsa liwiro, nayang'ana bambo ake. Iwo anamugwedezera mutu kuti apitirire.

Atakhala pansi, analowetsa dzanja m'thumba la jekete. Munali pepala la mawu oyamba aja amene mwanayo anatumiza, lomwe iwo anasindikizanso pa kompyuta, lopanda inki yofiira. Sanalitulutse, mawu ake ankawadziwa pamtima. Anangoligwira, chifukwa papepala limenelo pokha, abambo olowa ndi mkwatibwi akanathabe kukhala iwo.