Mimba ya Amunanga Sinama

Amunanga amatha kunama ndi pakamwa, koma mimba yawo bodza silidziwa. Ndakhala nawo zaka khumi ndi zinayi, ndipo zaka zonsezi akangomaliza kudya, pasanathe mphindi khumi ndi zisanu amakankha mpando, ulendo wa kuchimbudzi. Sayenda ngati munthu wokasamba m'manja ayi. Amamanga nkhope, miyendo ili pafupipafupi, ndipo mwana akapezeka mukolido amagundidwa.

Titangokwatirana zinkandiwawa. Uime pa mbaula maola awiri, munthu adye, kenako akataye zonse usanatsuke n'komwe mbale? Ndinkaona ngati chakudya changa chikungodutsa mwa iwo ngati madzi mu paipi. Ndiye ndinayamba kuwakonza. Ndinachotsa mafuta, ndinachotsa tsabola, khofi wam'mawa ndinamuletsa. Nyama inakhala yowiritsa, mpunga woyeza ndi kakapu. Zinathandizako ndithu, kuthamanga kuja kunasanduka kuyenda. Akamaliza kudya ndinkayang'ana wotchi ya pakhoma n'kulengeza kuti, "Lero mwafikitsa makumi awiri, bambo." Iwo ankangoti, "Eya."

Tsono Lachiwiri lina ndili pa makina anga pakhonde, ndikupinda mpendero wa siketi ya kasitomala, geti linatseguka mwaphokoso. Amunanga amawotcherera zitsulo, mageti ndi mawindo, ndipo amaweruka atatopa moti amayamba akhala pa sitepe kuvula jombo. Tsikulo jombo sanavule. Anandidutsa ngati sandidziwa, nkhope yomanga ija, miyendo pafupipafupi, chitseko cha chimbudzi n'kumenyeka. Inali hafu faifi. M'nyumba mwanga munali musanaphikidwe kanthu.

Phazi linaima lokha pa makina.

Madzulo anangotola pang'ono m'mbale n'kunena kuti atopa. Ndinadikira wotchi. Mphindi makumi atatu zinatha ali phee pa mpando, akumvera wailesi.

"Mwadya kuti lero, bambo?"

"Ine? Madzi okha kuyambira masana."

Lachinayi zinachitikanso. Lachiwiri lotsatira, chimodzimodzi. Ndisakubisireni, nsanje inandigwira. Mkazi wina kwinakwake akupakulira mwamuna wanga, ndipo ine ndatsala woyang'anira chimbudzi.

Ndinapita kwa alamu anga, mchemwali wawo wa amunanga, amene ndi nesi pa kiliniki ya kumsika. Ndinawapeza nthawi yopuma, akumwa tiyi kuseri kwa katoni ya magulovu. Ndinayamba mozungulira, kuti pali kasitomala wanga wina amene mwamuna wake akangodya chakudya chimatuluka pompo.

"Kasitomala ameneyo anakwatiwa ndi achimwene anga?" anatero alamu akuseka. "Mimba ija ndi alamu ya wotchi, ine ndine alamu achiwiri. Koma mverani, chakudya sichingatuluke mphindi khumi ndi zisanu. Chimakhala m'chifu maola angapo, chimadutsa matumbo aang'ono, kenako chimakagona m'matumbo aakulu tsiku lathunthu, mwina awiri. Chimene chimachitika n'chakuti chifu chikadzaza n'kutanuka, chimatumiza uthenga kumatumbo aakulu kuti konzani malo, kukubwera alendo. Matumbo aja amayamba kufinya, kukankhira zakale kumunsi. Tonse zimatichitikira. Khanda likangoyamwa si limaipitsa thewera? Kungoti ena, monga achimwene, matumbo awo amamva msanga."

"Madzi okha angathamangitse munthu choncho?"

"Aa, madzi sakankha kwenikweni. Chimakankha mwamphamvu ndi chakudya chambiri, chamafuta, kapena khofi. Nkhawanso imatha kutero. Bola ngati palibe magazi, sakuonda mosadziwika bwino, ndipo sizikuwadzutsa kutulo, si matenda oopsa."

"Ndiye zimene amakataya zija si zimene angodya kumene?"

"Ndi za dzulo, alamu. Kapena za dzana."

Anapitiriza kulankhula, koma ine makutu anali atatseka. Zaka khumi ndi zinayi ndinkalira kuti chakudya changa sichikhala mwa mwamuna wanga, chonsecho chinkakhala, chinkagona momwemo. Ndiye lero kwabwera chakudya cha mkazi wina, chikungolowa n'kuuza changa kuti suntha, tuluka. Ndipo chikutulukira m'nyumba mwanga momwe, m'chimbudzi chimene ndimakolopa ndekha.

Mawa lake ndinatenga foni, n'kuyamba kuyenda kuchokera pa geti ndikuwerenga mphindi. Ngati amafika kunyumba zitawapana, ndiye kuti amadyera pafupi, osapitirira mphindi khumi ndi zisanu. Ndinayenda njira zonse zitatu. Njira yoyamba inandifikitsa pa saluni ya mtsikana wina wa nsidze zojambula. Yachiwiri pa geti lobiriwira la mayi wamasiye, geti limene anawotcherera amunanga omwewo. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana zovala pa chingwe, mpaka galu wake anayamba kundiuwa. Akazi onse a m'dera lathu anasanduka okongola tsiku limenelo, ngakhale uja wogulitsa makala.

Lachinayi ndinakabisala kuseri kwa matayala pafupi ndi shedi yawo yowotcherera. Anatuluka isanakwane faifi, anasamba kumaso pa mpopi, n'kulowera njira yachitatu, ija ndinkaiyesa yopanda kanthu. Analowa m'kalesitilanti ka matebulo anayi, ka katani ya mikanda pakhomo. Ndinasuzumira pawindo nditakonzeka kale kuzula wigi ya munthu.

Anali okha pa kona. Patsogolo pawo mbale yodzaza mpunga, nyama yokazinga yonyezimira mafuta, tsabola pambali, khofi akufuka. Ankadya atatsinzina. Mwini malowo anatuluka kukhitchini, mayi wa msinkhu wanga, wathupi lake, manja ali mafuta okhaokha. Anawathirira msuzi wina osafunsa.

"Idyani, amisiri, mwaonda inu. Kwanu amakumanani?"

Amunanga anaseka. Anaseka mpaka kugwira tebulo, mano onse pamtunda. Kuseka kumeneko ine ndinali nditakuiwala. Sanagwirane dzanja, sananong'onezane, palibe chimene ndikanakanena kwa munthu n'kundimvetsa. Chikhala kuti ndinawapeza atakumbatirana ndikanadziwa chochita. Koma supuni ya msuzi ungaimenye bwanji?

Ndinathamanga kudzera chidule, ndinafika kunyumba ndili wefuwefu. Ana anali asanabwere ku maphunziro a masana. Ndinakhoma chitseko cha chimbudzi, kiyi n'kuika m'kamisolo, kenako ndinakoka mpando n'kukhala mukolido.

Geti linalira. Analowa ndi jombo zawo, anagwira chogwirira, anakankha, anakankhanso ndi phewa.

"Muli ndani umu?"

"Mulibe munthu."

"Kiyi ali kuti, mayi?"

"Mwangomwa madzi okha, bambo. Madzi sathamangitsa munthu. Achemwali anu andiuza."

Anandiyang'ana, thukuta likuyamba pamphumi. "Mayi, chonde. Tikambirana ndikatuluka."

"Tikambirana pompano. Mwadya kuti?"

"Pa lesitilanti, kuseri kwa malo ogulitsa matayala. Kiyi."

"Kuyambira liti?"

"Mwezi watha. Mayi, ndapota nanu."

"Kuno kulibe chakudya?"

Anatsamira khoma, mwendo wina ataupingasa pa unzake, ndipo mawu ankatuluka m'mano. "Kuno ndimadya ngati ndagonekedwa m'chipatala. Mumandiyeza mpunga, mumandiwerengera mphindi pamaso pa ana. Kuja ndimangodya basi. Palibe china, ndikulumbira."

"Ngati kuli kwabwino choncho, bwanji osakatayira komweko? Chimbudzi chilipo, ndachiona."

"Sinditha kwa eni. Sindinathepo chibadwire. Ndimathamangira kwathu."

Apa mpamene ndinayenera kutulutsa kiyi. Ndikudziwa, ndipo ndinkadziwa nthawi yomweyo. Dzanja linali litafika kale pachifuwa. Koma m'maso mwanga munali mayi uja ndi supuni yake, ndipo funso limodzi linali likunditentha lilime.

"Amaphika bwino kuposa ine?"

"Mayi..."

"Yankhani kaye. Amaphika bwino kuposa ine?"

Ndinangoona mapewa akugwa, nkhope yomanga ija ikumasuka pang'onopang'ono. Anasiya kulimbana ndi chitseko. Bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, amene amanyamula geti lachitsulo yekha, anaima mukolido mwake atayang'ana pansi, ovolosi itaonongeka. Kiyi anali m'manja mwanga tsopano, wopanda ntchito.

"Ndipatseni ndowa ndi sopo," anatero motsitsa mawu. "Ana asanafike."

Ndinafuna kuti ovolosiyo ndichape ndine, anakana. Anachapa okha kuseri kwa nyumba, n'kuyanika pomwe sipaoneka kumsewu. Sanandikalipire. Sanauze achemwali awo, sanauze wina aliyense. Ndinapepesa katatu, katatu konse anangoti, "Zatha."

Loweruka ndinagula nkhuku, ndinaikazinga m'mafuta ambiri, ndinasinja tsabola, ndinagulanso khofi. Wotchi ya pakhoma ndinaichotsa n'kuiika m'kabati. Anadya mwaulemu ngati mlendo, anathokoza, ana akudabwa kuti kwagwanji.

Lachiwiri ndinakhala pakhonde kuyambira faifi, chitseko cha chimbudzi nditachisiya chotsegula, pepala latsopano ndi sopo zili pamalo pake. Hafu faifi inakwana, geti lili zii. Sikisi inakwana. Ndinasoka thumba la malaya a kasitomala mozondotsa, n'kumasula, n'kusokanso mozondotsa.

Anafika cha m'ma seveni, akuyenda pang'onopang'ono, manja m'thumba. Anakhala pa sitepe, anamasula zingwe za jombo imodzi, kenako inayo. Pa malaya awo panali kadontho ka msuzi.

"Chimbudzi n'chotsegula, bambo," ndinatero.

"Zikomo, mayi," anayankha osandiyang'ana. "Ndapita kale komweko kulesitilanti."