Uthenga pansi pa chithunzi cha mtedza

A Abrahamu, bambo ake a Monika, anasowa Lachiwiri m'mawa. Mutu wawo unali utayamba kale kuiwala. Anatuluka pakhomo ku Chezi ati akukathirira nazale ya fodya, chonsecho fodya anasiya kulima zaka zisanu zapitazo.

Monika anaika chithunzi chawo pa Facebook kuti aliyense aone. Nambala ya foni sanalembe, poopa akathyali. Pofika masana ndemanga zinali mbwee, zambiri za anthu osawadziwa n'komwe. "Mwawagulitsa nokha." "Fufuzani amene akufuna kulemera m'banjamo." Monika anapitiriza kuwerenga, foni ili m'manja.

Mlongo wake Rodrick, mphunzitsi wa ku pulayimale, anamulanda foniyo.

"Ukuona timadontho titatuti pamwamba pa positi? Ukadina, akufunsa amene angalembe ndemanga. Ndasankha anzako okha."

"Ndiye ena saiona?"

"Aiona, ngakhale kugawa agawa. Koma polemba sapapeza. Mapositi ako ena sindinawakhudze."

Zonyoza zolembedwa kale zinatsala pomwepo, Monika n'kumafufuta imodziimodzi. Zatsopano sizinabwerenso.

Lachitatu anafufuza m'madimba ndi m'makwawa. Lachinayi anakanena kupolisi, achinyamata a kutchalitchi n'kukwera phiri. Azakhali anayamba kulankhula motsitsa mawu za matabwa a bokosi.

Lachisanu m'mawa Monika anaona kuti wina walemba pansi pa chithunzi chakale, cha matumba a mtedza omwe ankagulitsa mu Juni. Anali Elisha, wakabaza wa njinga yamoto ku Dzaleka.

"Mayi, bambo anu ali kuno kuyambira Lachiwiri madzulo. Positi ija mwaitseka. Ku Messenger simukuyankha."

Monika anatsegula Messenger, n'kulowa mbali imene mumagwera mauthenga a anthu osakhala anzako, komwe anali asanayang'aneko chiyambire. Munali mauthenga anayi ochokera kwa Elisha. Woyamba unali wa Lachitatu, ndi chithunzi cha bambo ake atakhala pabenchi, opanda nsapato.

"Rodrick! Rodrick, bwera!"

Rodrick anawerenga kawiri, n'kukhala pansi pafumbi, dzanja kukamwa.

A Abrahamu anakawapeza ku Dzaleka, kuseri kwa lesitilanti ya mayi wina wa ku Congo, atavala jekete la eni ake, mapazi atatupa, akusankha nyemba m'lichero. Dzina la mudzi wawo anali ataliiwala. Elisha anatulutsa foni yake n'kuwaonetsa positi ija: chithunzi chikuoneka bwinobwino, koma pansi popanda polemba.

"Ndinaiona kwa munthu amene anaigawa. Ndinalemba pamenepo, sanakuuzeni. Ndiye ndinayamba kuyenda m'zithunzi zanu kufuna khomo lotsegula."

"Masiku awiri athunthu," anatero Rodrick. "Ife tikufufuza mtembo m'makwawa."

Monika anagwada n'kugwira mapazi a bambo ake. A Abrahamu anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Monika, wachedwatu," anatero. "Amayiwa andisunga bwino. Uwathokoze."