Uthenga wa pa 7 Koloko

Pemphani ankazungulira pa depoti ya minibasi ku Biwi, foni ili m'manja. Apongozi ake, a Gwanda, anali atamulembera kuti mng'ono wawo watisiya ku Dedza. Iye anali atayankha mothamanga, monga amachitira ndi anzake: "Pepani bho, tikumana mawa," ndi kankhope kotuluka misozi.

Atayang'ananso, anazindikira kuti walakwitsa. Kankhopeko kanali koseka mpaka misozi.

Anayesa kufufuta, koma timizere tiwiri tinali titasanduka kale tabuluu, kusonyeza kuti uthengawo wawerengedwa. Anakwera minibasi, n'kutsikanso. Anaimbira mkazi wake Ireen.

"Awerenga," anatero Ireen. "Andionetsa. Akufunsa ngati maliro amaseketsa."

"Nditumize kena kolira?"

"Usatumize kankhope kalikonse! Amenewo si anzako a mpira."

Pemphani anakhala pamwala. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso: "Abambo, ndalakwa kwambiri. Ndinadina chithunzi cholakwika chifukwa cha phuma. Pepani ndi imfa ya bambo athu aang'ono. Ndikubwera panopa kuti tipitire limodzi."

Anadikira, akuyenda uku ndi uku. Kenako foni inalira.

"Tamva, mwanangu. Fulumira, galimoto yopita kumaliro ikunyamuka."

Pemphani anathamangira minibasi ya ku Kawale, kwa apongozi ake.